Asidi wa m'botolo ndi waukali: umu ndi momwe amamusungunulira

Asidi amene wophunzira wa Fomu 4 amamupeza patebulo tsiku la mayeso ochita ndi manja a MSCE sachokera kusitolo ali choncho. Wina wake m'labotale amakhala atamusungunula kuchokera m'botolo la asidi waukali, wofuka nthunzi yotsamwitsa, ndipo akaphonya muyeso, mayankho a kalasi yonse amaphonyanso.

Nachi chitsanzo cha asidi wa haidulokuloriki, HCl. Mphunzitsi akufuna mamililita 500 a mphamvu ya 1 M, kutanthauza molo imodzi pa lita iliyonse. Molo ndi muyeso wowerengera tizidutswa ta mankhwala, ndipo molo imodzi ya HCl imalemera magalamu 36.46. Pabotolo kawirikawiri salembapo mamolo. Amalembapo 37% ndi 1.19 g/mL, ndipo manambala awiriwa ndi okwanira. Lita imodzi ya m'botolomo imalemera magalamu 1,190, koma asidi weniweni ndi magawo 37 okha pa 100 alionse, omwe ndi magalamu 440. Kugawa 440 ndi 36.46 kukupereka pafupifupi 12.1. Choncho m'botolomo muli mphamvu ya 12.1 M.

Kuthira madzi sikuchotsa asidi kapena kumuonjezera, kumangomupatsa malo aakulu. Apa ndi pamene pagona lamulo la C1V1 = C2V2, loti mphamvu kuchulukitsa ndi kuchuluka kwa asidi wotapidwa zifanane ndi mphamvu kuchulukitsa ndi kuchuluka kwa wosungunulidwa. Mamililita 500 kuchulukitsa ndi 1, kugawa ndi 12.1, yankho ndi mamililita 41.3.

Masamu athera pomwepo, koma ambiri amalakwitsa ndi manja. Wodziwa ntchito amavala magalasi ndi magolovesi, n'kugwirira pamalo potuluka mpweya. Amayamba wathira madzi osungunulira oyera, pafupifupi theka, m'fulasiki ya khosi lalitali yokhala ndi mzere wa 500 mL, kenako n'kumathira asidi pang'onopang'ono. Asidi ndiye amapita m'madzi, osati madzi mu asidi, chifukwa ziwirizi zikakumana zimatentha ndipo zikhoza kuthovukira kumaso. Akatero amadikira kuti zizizire, pakuti mzere uja unayezedwa pa madigiri 20 ndipo madzi ofunda amafufuma. Zikazizira amaonjezera madzi, omalizawo dontho limodzilimodzi, diso lili molingana ndi mzere, mpaka pansi pa kupindika kwa madzi pakhudze mzerewo. Amatseka n'kuitembenuza fulasikiyo kangapo. Akapitirira mzere palibe zopungula, amayambiranso.

Nanga pakafunika asidi wofooka kwambiri, wa 0.001 M? Kuti apange mamililita 100 kamodzin'kamodzi, angafunike kutapa mamililita 0.1 okha a asidi wa 1 M uja, ngati madontho awiri, ndipo pipeti wamba ya kusukulu singayeze zimenezo molondola. Njira yabwino ndi yotsika ngati pamakwerero. Amatapa mamililita 10 a 1 M, n'kudzaza mpaka mzere wa 100 mL, ndipo amapeza 0.1 M. Akasakaniza bwino amatapamo mamililita 10 kupita m'fulasiki yachiwiri, imene imakhala 0.01 M, ndipo yachitatu imafika pa 0.001 M.

Vuto la njirayi ndi lakuti cholakwa cha fulasiki imodzi chimalowa m'zotsatira zonse. Munthu amene wathira mamililita 10 a asidi m'madzi okwana kale 100 amakhala ndi mamililita 110, ndiye kuti wagawa mphamvu ndi 11 m'malo mwa 10. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma akabwereza katatu amathera pa 0.00075 M, gawo limodzi mwa magawo anayi litasowa. Pipeti yonyowa ndi madzi imachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake amaitsukuluza kaye ndi asidi amene akufuna kutapayo.

Komabe ngakhale wosamala chotani sangalumbire kuti asidi wake woyamba uja ndi 1 M ndendende. Botolo likamatsegulidwatsegulidwa, HCl amathawa ngati mpweya, ndipo 37% yolembedwayo imatsika. Mphamvu yeniyeni imadziwika pomuyesa ndi sodiyamu kaboneti wouma bwino, Na2CO3. Magalamu 0.530 a ufawu, osungunulidwa m'madzi okhala ndi madontho a methilo olenji, amafuna mamililita 10.0 a asidi wa 1 M kuti madzi achikasuwo asanduke a mtundu wa lalanje. Ngati byuleti yaonetsa mamililita 10.4, asidiyo ndi 0.96 M, ndipo mafulasiki atatu aja nawonso atsika ndi magawo 4 pa 100. Nambala ya 0.96 M ndi imene iyenera kulembedwa pabotolo latsopanolo, pamodzi ndi dzina la asidiyo ndi tsiku limene wapangidwa.