Moto wotsekeredwa m'bomba: kuyeza mphamvu ya ethanolo

Ethanolo wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa amasakanizidwa ndi petulo, ndipo wogula aliyense ali ndi ufulu wofunsa kuti akapsa amatulutsa kutentha kochuluka bwanji. Yankho limachokera ku kalorimita ya bomba, chida chimene katswiri wa ku France, Marcellin Berthelot, anachikonza cha m'ma 1880.

Bombalo ndi kabotolo kachitsulo kolimba kwambiri, kotsekeka ndi mazinga. M'kati amaikamo chinthu chofuna kuwotchedwa, n'kupoperamo okosijeni mpaka athinane pafupifupi ka 30 kuposa mpweya wa panja. Kenako amalimiza m'madzi okwana pafupifupi malita awiri, n'kuyatsa ndi kawaya ka magetsi. Moto suoneka. Chooneka ndi themometa yokha ikukwera.

Koma madigiri si mphamvu. Poyamba tiyenera kudziwa kuti chida chonsecho, madzi ndi chitsulo chomwe, chimameza makilojulu angati kuti chikwere digiri imodzi. Ndiye timayamba tawotcha asidi wa benzoiki, amene galamu yake imodzi imadziwika kuti imatulutsa makilojulu 26.43. Tinene kuti galamu imeneyo yakweza themometa ndi madigiri 2.600. Tikagawa 26.43 ndi 2.600 tikupeza makilojulu 10.165 pa digiri iliyonse.

Tsopano ethanolo. Popeza amauluka msanga, amamutsekera m'kapisozi, ndipo kutentha kwa kapisoziyo ndi kwa kawaya kaja kumachotsedwa pa chiwerengero. Tinene kuti magalamu 0.800 akweza madigiri 2.331 zimenezo zitachotsedwa kale. Kuchulukitsa 2.331 ndi 10.165 kukutipatsa makilojulu 23.695. Akatswiri amawerengera pa molo, ndipo molo imodzi ya ethanolo imalemera magalamu 46.07, choncho tawotcha mamolo 0.017365. Tikagawa, tikupeza makilojulu 1364.5 pa molo. Timalemba ΔU = −1364.5 kJ/mol, chizindikiro chochotsera chikusonyeza kuti mphamvuyo yatuluka.

Apa ndi pamene ambiri amaimira, ndipo amakhala kuti sanafike. Bomba silifufuma ndiponso siliphwa, pomwe moto wa pa mbaula umayaka poyera, mpweya wa panja ukuupanikiza mofanana nthawi zonse. Kutentha kotuluka pa moto wapoyerawo ndiko kumatchedwa enthalupi, ΔH, ndipo ndiko kumalembedwa m'mabuku. Kusiyana kwa ziwirizi kumaoneka tikayang'ana zimene zikuchitika ethanolo akamapsa:

C2H5OH(l) + 3O2(g) → 2CO2(g) + 3H2O(l)

Mamolo atatu a okosijeni alowa, mamolo awiri okha a kaboni dayokisaidi ndiwo atuluka. Mpweya wachepa ndi molo imodzi. Poyera, mpweya wa panja ungakankhire m'malo otsalawo, ndipo ntchito ya kukankhako ingasanduke kutentha kowonjezera. M'bomba chitsulo chimatchinga, ndiye kutentha kumeneko themometa sikuona. Timakubwezera ndi masamu:

ΔH = ΔU + ΔnRT

Pano Δn ndi 2 kuchotsa 3, kutanthauza −1. R ndi 8.314 J/(mol·K), ndipo T ndi 298 K, kutentha kumene chidacho chili, osati madigiri 2.331 aja. Molo iliyonse ya mpweya ikubweretsa makilojulu pafupifupi 2.5, motero ΔH = −1364.5 − 2.5 = −1367.0 kJ/mol.

Msampha waukulu uli pa madzi. M'bomba nthunzi imazizira n'kukhala madontho, n'chifukwa chake madzi salowa mu Δn. Wophunzira akawawerenga ngati mpweya amapeza +2 m'malo mwa −1, ndipo kukonzako kumalowera kwina. Ethanolo nayenso sawerengedwa, poti analowa ali wamadzimadzi. Shuga wa mzimbe womwewo safuna kukonza kulikonse: mamolo 12 a okosijeni amabala mamolo 12 a kaboni dayokisaidi, Δn ndi 0, ΔH ndi ΔU n'zofanana.

Wina angati makilojulu 2.5 pa 1367 n'chiyani, poti sakufika ngakhale magawo awiri pa 1000. N'zoona kuti ndi ochepa. Pa chitsanzo chathu akufanana ndi madigiri pafupifupi 0.004 okha. Koma themometa ya kalorimita yabwino imawerenga mpaka 0.001, ndiye kusiya kukonzaku n'kutaya dala zimene chida chatha kuona. Komanso cholakwa chimenechi sichifafanizika pobwereza, chifukwa chimapendekera mbali imodzi nthawi zonse.

Masamuwa ali ndi phindu pokhapokha motowo utapsa bwino. Mukatsegula bomba, yang'anani m'kambale. Mukapeza mwaye wakuda, kaboni wina sanapse, ndipo chiwerengero chanu chachepa koposa makilojulu 2.5 amene mukufuna kukonzawo. Chitayeni, mutsuke bomba, muyesenso.