Kugwirira ntchito kunyumba: zoyenera kulembedwa ogwira ntchito asanatuluke mu ofesi

Matenda a Covid-19 atafika m'Malawi mu Epulo 2020, maofesi ambiri anauza antchito awo kuti azigwirira ntchito kunyumba. Mliriwo unazilala, koma chizolowezicho chinatsala, ndipo m'makampani ambiri chikuyendabe pa mgwirizano wapakamwa. Bwana amangonena kuti "muzipezeka pa foni" ndiponso "muzisamala zinsinsi za kampani". Mawu otere sathandiza tsiku limene magetsi azima, kapena pamene laputopu yabedwa mu minibasi. Ndondomeko yolembedwa bwino imayankhiratu mafunso a tsiku loipa: achite ndani, pofika nthawi yanji, ndipo alipire ndani.

Tiyerekeze kampani yowerengera ndalama ku Blantyre, ya antchito 12, imene imakonza malipiro a pamwezi a makampani ena. Yaganiza zoti aliyense azigwirira kunyumba masiku atatu pa sabata. Kodi ilembe chiyani?

Maola a ntchito

Poyambira ndi lamulo. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo maola owonjezera amalipidwa mwapadera: ola limodzi ndi theka pa ola lililonse pa tsiku wamba, ndi kuwirikiza kawiri pa tsiku lopuma kapena la tchuthi. Lamulolo silisiya kugwira ntchito chifukwa munthu wakhala pa tebulo la kunyumba kwake.

Kampani yathuyi imagwira maola 40 pa sabata. M'malo mokakamiza aliyense kuyamba ndi kuweruka nthawi imodzi, ingalembe kuti kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana onse akhale pa ntchito, kupatulapo ola la nkhomaliro. Amenewo ndi maola asanu. Atatu otsalawo munthu adzisankhire pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Mayi wokasiya ana kusukulu ayamba mochedwa, wina wofuna kugwira magetsi asanazime ayamba m'mamawa.

Ilembenso kuti ovataimu aziyamba wavomerezedwa ndi bwana kudzera pa imelo. Popanda chiganizo chimenechi, kumapeto kwa mwezi, pamene malipiro akukonzedwa, anthu amagwira mpaka pakati pa usiku, ndiye mkangano umabuka chifukwa palibe umboni wa maolawo.

Kupezeka

Kupezeka sikutanthauza kuyankha uthenga uliwonse nthawi iliyonse. Ndondomeko itchule njira ndi nthawi. Mwachitsanzo, foni iyankhidwe kapena kubwezedwa pasanathe mphindi 30 m'maola amene onse ali pa ntchito, ndipo imelo iyankhidwe tsiku lomwelo. Ikakwana 6 koloko madzulo, wantchito asakhale ndi mlandu akapanda kuyankha, kupatula amene waikidwa pa ndandanda ya zadzidzidzi sabata imeneyo. Dziko la France linaika m'malamulo ake ufulu wotere kuyambira mu 2017, poona kuti foni ikulanda anthu nthawi yopuma. Kampani ya kuno siyenera kudikira lamulo kuti ilembe zimenezi.

Kwathu kuno gawoli silingathe osatchula magetsi. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuzima kwa magetsi kwa maola ambiri kunakhala kwa tsiku ndi tsiku. Choncho kampaniyi ilembe kuti magetsi kapena intaneti zikaduka, wantchito adziwitse bwana wake pasanathe mphindi 30. Vuto likapitirira maola awiri, agwirizane chimodzi mwa ziwiri: apite ku ofesi, kapena adzabweze maolawo sabata yomweyo. Izi zimateteza wantchito woona mtima, komanso zimatseka pakamwa amene amabisala kumbuyo kwa magetsi.

Zipangizo

Apa mfundo ndi imodzi: chipangizo chimene ntchito singayende popanda icho, agule ndi kampani. Laputopu ikhale ya kampani, nambala yake ilembedwe m'kaundula, ndipo wolandira asainire. Ndondomeko inene amene adzalipire ikawonongeka, ndipo isiyanitse kutha kwa chinthu chifukwa chogwira ntchito ndi kusasamala, monga kuisiya pampando wa galimoto yosakhoma. Inenenso kuti munthu akasiya ntchito azibweza zonse pa tsiku lake lomaliza.

Bandulo ya intaneti iwerengeredwe, isamangoganiziridwa. Msonkhano wa pavidiyo umatha kudya pafupifupi GB imodzi pa ola. Wogwirira kunyumba masiku atatu pa sabata amakhala ndi masiku pafupifupi 13 pa mwezi. Ngati ali ndi msonkhano wa ola limodzi tsiku lililonse, ndiye kuti GB 13 zapita, ndipo tikawonjezera maimelo ndi mafayilo, GB 20 ndi poyambira pabwino. Ndi bwino kulemba kuchuluka kwa GB m'malo mwa makwacha, chifukwa mitengo imasintha pamene ntchito ili yomweyo.

Chitetezo cha zinsinsi

Gawo ili ndi lolemera kuposa onse. Mu laputopu ya wowerengera malipiro muli mayina a anthu, nambala za ziphaso zawo, maakaunti a kubanki ndi malipiro awo. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la chaka cha 2024, limene bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woliyang'anira, limaika udindo pa kampani yosunga zinthu zotere. Zikatayika kunyumba kwa wantchito, kampani siingasambe m'manja.

Ambiri amaganiza kuti pasiwedi yotsegulira laputopu ndi yokwanira. Siyokwanira, chifukwa wakuba angathe kuchotsa disiki n'kuiwerenga pa kompyuta ina. Chofunika ndi kubisa zonse za mu disiki kuti zisawerengeke popanda kiyi, ndipo pa Windows ntchitoyi imachitidwa ndi BitLocker, pa makina a Apple ndi FileVault. Ndondomeko inene kuti palibe laputopu yotuluka mu ofesi zimenezi zisanayatsidwe. Kulowa mu imelo kukhale kwa magawo awiri: pasiwedi, kenako nambala yobwera pa foni.

Zina ndi za khalidwe la pakhomo. Laputopu ya ntchito si yoti mwana aonerepo makatuni kapena mlamu alemberepo kalata. Pochoka pa tebulo, ngakhale kokatsegula geti, munthu aitseke podina Windows ndi L. Mafayilo a malipiro asatumizidwe pa WhatsApp, pa imelo ya munthu payekha kapena pa fulashi, koma akhale pamalo amodzi amene kampani yasankha. Mapepala osindikizidwa abwerere ku ofesi kuti akawonongedwe, asapezeke atakulungidwira mandasi.

Tsopano tsiku loipa lafika: laputopu yabedwa Lachisanu madzulo. Ndondomeko ikhale ndi udindo ndi nambala ya foni ya munthu womuimbira, ndipo inene kuti adziwitsidwe pasanathe ola limodzi. Iyeyo atseke maakaunti, asinthe mapasiwedi, ndi kulemba zimene zinali mu makinawo kuti eni ake ndi a boma adziwitsidwe ngati pakufunika kutero. Wobedwayo akanene kupolisi. Chiganizo china chofunika kwambiri n'chakuti wonena msanga sadzalangidwa chifukwa chonena. Wantchito woopa kuchotsedwa amakhala chete mpaka Lolemba, ndipo masiku awiriwo ndi okwanira kuti wakuba alowe mu imelo ya kampani.

Polemba, khalani pansi ndi ogwira ntchitowo, chifukwa ndiwo akudziwa mmene magetsi ndi netiweki zilili kumene amakhala. Aliyense asainire, ndipo pakatha miyezi itatu muunike: ovataimu akamakwera, kapena mafayilo akamayendabe pa WhatsApp, ndiye kuti pali gawo losamveka kapena losatheka kulitsata. Inu olemba anthu ntchito, werengani chiganizo chilichonse cha ndondomeko yanu, ndipo chimene sichikutchula wochita, nthawi kapena wolipira, chilembeninso.