Kalata kwa Wophika Phwando la Kumathero a Chaka

Polembera wophika waganyu, yambani ndi tsiku, nthawi yodyera ndi chiwerengero cha odya. Tiyerekeze kuti antchito alipo 40. Lembani chonchi: “Mayi, tikupempha mutiphikire mpunga wa Kilombero makilogalamu 4, nkhuku 10, iliyonse muidule panayi, ndi nyama ya ng'ombe makilogalamu 6. Pakhalenso nsima ya anthu 15, kabichi, komanso nyemba za anthu 5 osadya nyama.”

Nenani poyera kuti miyezoyi ndi ya zakudya zosaphika. Mpunga umafufuma, kulemera kwake nkufika pafupifupi katatu, pomwe nyama imanyala pamoto. Mukangolemba “mpunga wokwanira”, wophika amangoganizira, ndipo omaliza pamzere amapeza msuzi wokha. Tchulaninso wogula zinthu ndi wogawa chakudya.