Moni udze pambuyo: mmene mungalembere uthenga usanadulidwe ndi "See more"

Mukalemba mawu ambiri pansi pa chithunzi pa Facebook kapena pa Instagram, foni ya wowerenga siyiwaonetsa onse. Imaonetsa mizere yoyambirira yokha, kenako timadontho titatu ndi mawu oti "See more", kapena "more" ngati ndi pa Instagram. Wofuna kumva zotsalazo ayenera kudina pamenepo, ndipo munthu amene akungoyendetsa chala mofulumira ali m'minibasi sadina popanda chomukopa. Zimene waona pamwambapo ndi zimene apite nazo.

Malo ake ndi ochepa kwambiri. Instagram imalola zilembo 2,200 pa chithunzi chimodzi, koma zimene zimaoneka munthu asanadine ndi pafupifupi 125 zokha, kuwerengera ndi mipata ya pakati pa mawu yomwe. Komanso dzina la akaunti yanu limakhala kumayambiriro kwa mzere woyamba, ndiye ngati ndi lalitali limadya gawo la malowo. Pa Facebook podulira pamasinthasintha malinga ndi foni, kukula kwa zilembo zimene mwini foniyo anasankha, ndiponso ngati akugwiritsa ntchito Facebook Lite. Choncho nambala ya 125 tiitenge ngati muyeso wongotithandiza. Chimene chimadulidwa kwenikweni ndi mizere, iwiri kapena itatu, ndipo izi tiziona bwino tikafika pa nkhani yodumpha mizere.

Ife vuto lathu lalikulu ndi ulemu. Tinaleredwa kuti sufika pakhomo pa munthu n'kuyamba ndi nkhani usanapereke moni, ndipo khalidwe labwinoli timalitengera pafoni. Tiyerekeze mayi wina wa ku Kawale mumzinda wa Lilongwe amene amaoda mpunga ku Karonga. Katundu wafika, wajambula matumba, ndipo walemba kuti:

"Mwadzuka bwanji makasitomala athu okondedwa? Tikuthokoza Mulungu potisunga mpaka lero, ndipo tikukuthokozaninso inu potikhulupirira."

Ziganizo ziwirizi zili ndi zilembo 132. Malo atha kale, koma mpunga sunatchulidwe, mtengo palibe, kumene akugulitsira sikukudziwika. Zonsezo zili m'ndime yachitatu, kuseri kwa "See more". Anthu amuyankha kuti "Tadzuka bwino mayi" ndi "Amen", ena afunsa kuti "Zingati?" pamene mtengo unalembedwa kale. Funso limeneli ndi chizindikiro chodalirika kwambiri: anthu akamakufunsani zinthu zimene munalemba, dziwani kuti munaziika pamene sakuziona.

Mayi yemweyo akanayamba motere:

"Mpunga wa Kilombero wafika: K25,000 thumba la makilogalamu 5. Tikugulitsa ku Kawale mpaka Loweruka."

Apa pali zilembo 99, ndipo muli chinthucho, mtengo wake, malo ndi tsiku lomaliza. Ngakhale munthu asadine, wamva zokwanira kuti aganize zogula. Patsalanso kampata ka dzina la akaunti. Moni uja sanatayidwe ayi. Amabwera m'ndime yachiwiri, limodzi ndi kuthokoza, nkhani ya mmene mpungawo ukununkhirira ukapsa, ndi njira yolipirira. Amene wadina ndi munthu amene ali ndi chidwi kale, ndipo moniwo aulandira bwino. Ine sindiona kuti kutero n'kusowa mwambo. Kulemekeza munthu n'kumuuzanso msanga chimene mwamuimitsira.

Musanalembe, dzifunseni kuti: munthu atawerenga chiganizo chimodzi chokha, ndikufuna adziwe chiyani? Pa malonda ndi chinthu ndi mtengo. Pa uthenga wa maliro ndi dzina la malemu, tsiku ndi malo a mwambo woika m'manda. Pa mwana wosowa ndi dzina, zaka, kumene anaonekera komaliza ndi nambala ya foni. Yankho lanu ndilo mzere woyamba.

Palinso msampha wina woopsa kuposa kuchedwa kufika pa nkhani, ndiwo kudulidwa kwa chiganizo pamalo pamene tanthauzo limatembenuka. Polemba zidziwitso timakonda kuunjika mawu ofotokozera kutsogolo, mneni n'kubwera kumapeto. Mlembi wa komiti ya ukwati akhoza kulemba kuti: "Msonkhano wa komiti ya ukwati wa achimwene athu womwe tinagwirizana kuti uchitike Lamlungu lino nthawi ya 2 koloko masana kunyumba kwa ankhoswe walephereka." Mawu amodzi okha ofunika m'chiganizo chonsechi ndi omalizawo, ndipo ndi amene abisike. Wowerenga mothamanga aona tsiku, nthawi ndi malo, atenga ngati chikumbutso, ndipo Lamlungu alipira minibasi kupita kumsonkhano womwe kulibe. Mlembiyo akanangoti "Msonkhano wa Lamlungu walephereka," kenako n'kufotokoza zifukwa. Mawu monga "walephereka", "tasintha malo", "musabwere" kapena "zatha" asamakhale kumchira.

Tsopano za mizere. Anthu ambiri anaphunzira kuti ndime yaitali yothithikana imatopetsa maso, ndipo n'zoona, motero amadumpha mzere pambuyo pa chiganizo chilichonse. Pansi pa "See more" zimenezi n'zabwino. Pamwamba pake n'zowononga, chifukwa mzere wopanda kanthu umawerengedwa ngati mzere wathunthu. Mukalemba mutu waufupi monga "CHIDZIWITSO", n'kudumpha mzere, mwagwiritsa kale ntchito mizere iwiri pa mawu amodzi amene sakunena kalikonse. Pa foni ina wowerenga aona mawu okhawo basi, ngakhale zilembo zake ndi 11 zokha. N'chimodzimodzinso ndi mzere wa tizithunzi ta moto ndi mitima, kapena mahashitagi oikidwa pamwamba. Zonsezo zitsike kumunsi.

Njira yabwino ndi kulemba uthenga waukulu ngati kandime kamodzi kosadumpha mzere, kothera pa mpumiro, kenako n'kusiya mzere umodzi wopanda kanthu musanayambe zotsatira. Mukatero mwasankha nokha pamene mawu adukire, m'malo molola foni kuwadula pakati pa mtengo kapena pakati pa nambala. Kumunsiko nambala ya foni ikhale pamzere wakewake, malo pamzere wakewake, kuti munthu asavutike kuzifufuza. Kumbukiraninso kuti linki yolembedwa pansi pa chithunzi pa Instagram siyidinika, choncho musaipatse malo a pamwambawo.

Ena amachita dala kudula nkhani pakati kuti munthu adine, monga "Zimene zachitika lero simungakhulupirire". Pa nthano kapena nkhani yongosangalatsa zingatheke, bola zakumunsizo zikhale zoyeneradi kudinira. Pa chidziwitso chokhudza ndalama, ulendo kapena thanzi la anthu, musayesere n'komwe.

Chotsala n'kuyesa, chifukwa bokosi limene mumalembamo limaonetsa mawu onse ndipo silikuuzani pamene adukire. Pa akaunti yanu ya Facebook mungathe kuyamba mwaika uthengawo posankha "Only me", n'kuuona mmene ukuonekera, kenako n'kuutsegulira anthu onse. Pa Instagram, mukangouika uyang'aneni pamene anthu amauonera; ngati waduka polakwika, dinani timadontho titatu, musankhe "Edit" n'kukonza. Ndipo musadalire foni yanu yokha. Bwerekani ya munthu wina pakhomopo, makamaka yaing'ono kapena ya agogo imene zilembo zake anazikulitsa, chifukwa pamenepo mzere umadzaza msanga. Ngati mtengo wa mpunga ndi tsiku lomaliza zikuoneka pafoni imeneyo musanadine, pa mafoni ena ambiri zionekanso.