Foni Ikasanduka Yachiarabu, Tsatirani Zizindikiro

Mwana akangodinadina foni yanu ya Android n'kuisiya ili m'Chiarabu, musathamangire kukaifufutitsa. Zithunzi ndi manambala anu zili momwemo. Chasintha ndi chiyankhulo chokha, ndipo zizindikiro sizisintha.

Kokani chala kawiri kuchokera pamwamba pa sikirini, mudine kachizindikiro kooneka ngati giya ya njinga. Apa mwalowa mu Settings. Musadabwe kuona zonse zitatembenukira kumanja, poti Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere.

Pa mafoni a Samsung, tsikani mpaka chakumunsi, mufunefune General management, yomwe chizindikiro chake ndi timizere topingasa tokhala ndi timadontho. Mukalowamo, mzere woyamba ndiye Language. Mafoni ena ambiri amabisa zimenezi mu System, pansi pa Languages & input, ndipo kawirikawiri pamakhala chithunzi cha dziko lozungulira.

Chopulumutsa n'chakuti pamndandanda wa ziyankhulo, chilichonse chimalembedwa m'malembo akeake. Dinani pa +, mupeze mawu oti English monga mumawadziwira.

Ambiri amagwa mphwayi apa, chifukwa asankha English koma foni ikadali m'Chiarabu. Foni imamvera chiyankhulo chimene chili pa nambala 1. Gwirani English ndi chala, muikokere pamwamba penipeni, koma pa Samsung zatsopano ingodinani English, kenako mudinenso batani lotsimikizira lili pansi. Mukasokera, ikani pambali pake foni ya mnzanu yofanana nayo, muziwerenga mizere kuchokera pansi.