Bwato Likhale Pomwepo, Kajambulidwe Kasinthe

Munthu wokonza chikuto cha buku angathe kukhala ndi chithunzi cha pafoni chomwe zonse zili m'malo mwake. Bwato lili kumanzere pamchenga, mtengo wa mlambe waima kumanja, mapiri akuonekera patali, ndipo pamwamba pali thambo lotakasuka pomwe pangakhale dzina la buku. Mlembi wa bukulo sakufuna chithunzi cha kamera, akufuna chooneka ngati chojambulidwa pamanja ndi utoto wamadzi. Wokonzayo atangolembera pulogalamu yojambula mawu ofotokoza malowo, ingamupatse nyanja yokongola ndithu, koma bwato likhala pakati, mlambe ukhala wina, ndipo thambo lija lidzaza mitambo. Mawu okha sauza kompyuta malo enieni oika chinthu chilichonse.

N'chifukwa chake mapulogalamu ngati Stable Diffusion, yomwe inatulutsidwa kwa anthu onse mu Ogasiti 2022, ali ndi njira yolembedwa kuti `img2img`. Munthu amapereka chithunzi chake pamodzi ndi mawu, kenako n'kusankha nambala imodzi pakati pa 0 ndi 1. Mu pulogalamu ya AUTOMATIC1111 nambalayi imalembedwa kuti `Denoising strength`, mu ComfyUI ndi `denoise`, ndipo olemba malamulo a kompyuta pogwiritsa ntchito `diffusers` amaidziwa ngati `strength`. Ambiri amaitenga ngati muyezo wa kuchuluka kwa kajambulidwe katsopano, kuti ukaikweza utoto wamadzi uchuluka. Apa ndi pamene amasocherera. Nambalayi imayeza kuchuluka kwa chithunzi choyamba chomwe chiwonongedwe kujambula kusanayambe.

Pulogalamu yamtunduwu inaphunzitsidwa ntchito imodzi: kuchotsa timadontho tosokoneza pa chithunzi, pang'onopang'ono, mpaka chioneke bwino. Ikamajambula kuchokera ku mawu okha, imayambira pa timadontho tokhatokha, ngati tomwe timadzaza wailesi yakanema ikataya siteshoni, ndipo sitepe iliyonse imachotsako tina motsogozedwa ndi mawu aja. Ikapatsidwa chithunzi, siyambira pachiyambi penipeni. Imathira timadontho pa chithunzicho kufika pa mlingo womwe nambala ija yanena, kenako n'kuyamba kuyeretsa kuchokera pamenepo. Ganizoli linafotokozedwa mu 2021 m'kafukufuku wotchedwa SDEdit, yemwe anachitidwa ndi akatswiri a ku mayunivesite a Stanford ndi Carnegie Mellon ku Amerika.

Zimenezi zimaoneka ngakhale pa kuwerengera masitepe. Taonani lamulo ili:

```python
result = pipe(
    prompt="watercolor painting of a wooden boat on a lake shore, baobab tree, distant hills",
    image=photo,
    strength=0.6,
    num_inference_steps=50,
).images[0]
```

Apa munthu wapempha masitepe 50, koma pulogalamu ichita 30 okha, chifukwa imachulukitsa 50 ndi 0.6. Masitepe 20 oyambirira adumphidwa, ndipo chithunzi cha kunyanja chija chalowa m'malo mwake. Masitepe oyambirirawo ndi omwe amasankha zinthu zikuluzikulu, monga pomwe madzi athere ndi mbali yomwe kukhale mtengo. Otsiriza amasamala zing'onozing'ono, monga mizere ya burashi ndi makungwa a mtengo. Choncho munthu akadumphitsa oyambirira, ndiye kuti walanda pulogalamu mphamvu yosankha malo a zinthu, n'kuisiyira ntchito yokongoletsa. Akaika 1, palibe sitepe yodumphidwa, chithunzi chake chimamira m'timadontho, ndipo zotuluka zimakhala pafupifupi ngati sanapereke chithunzi n'komwe.

Timadontho sitiwononga zinthu zonse nthawi imodzi. Timayamba kufafaniza zing'onozing'ono: malembo, zingwe za ukonde, maso a munthu woima patali. Kenako timadya m'mphepete mwa zinthu. Chomaliza kutha ndi zigawo zazikulu za mitundu, monga kuti pamwamba n'powala ndipo kumanja kuli chinthu chakuda chachitali. Amene wamvetsa dongosolo limeneli sadabwa ndi zomwe zimatuluka akamasintha nambala.

Wokonza chikuto uja akayamba ndi 0.3, adzapeza chithunzi chake chomwechija, chitangofewa pang'ono. Mchenga usalala, mitundu ioneka ngati yasungunukirana, koma aliyense angazindikire kuti ndi cha kamera. Pa mlingo umenewu pulogalamu yapatsidwa masitepe 15 okha pa 50 aja, ndipo palibe mpata woti isinthe zambiri. Pakati pa 0.45 ndi 0.6 m'pamene nthawi zambiri zinthu zimayamba kukoma. Utoto umaoneka kuti wayenderera papepala, mapiri amasanduka zigawo zofewa za mtundu wobiriwira motuwa, koma bwato likadali kumanzere ndipo thambo likadali lotakasuka. Akafika 0.75, nambala yomwe AUTOMATIC1111 imayambira munthu asanasinthe kalikonse, kajambulidwe kamakhala kokongola kwambiri, koma bwato limatha kutembenuka kapena kumera thanga, ndipo mlambe umayamba kufanana ndi mtengo wamba. Pa 0.9 chimatsala n'chakuti pansi pali madzi ndipo pamwamba pali thambo.

Manambalawa si malamulo. Amasuntha malinga ndi modelo yomwe ikugwiritsidwa ntchito, njira yochotsera timadontho yomwe yasankhidwa, komanso chithunzi chenichenicho. Chithunzi chokhala ndi zinthu zikuluzikulu zosiyana mitundu moonekeratu chimapirira nambala yokwera kuposa cha khamu la anthu pamsika.

Ndiye munthu amapeza bwanji nambala yake? Choyamba amakhomerera `seed`, nambala yomwe imasankha kaonekedwe ka timadontho tothiridwa. Ikasiyidwa pa -1 mu AUTOMATIC1111, imasintha nthawi iliyonse, ndipo munthu sangadziwe ngati bwato latembenuka chifukwa chokweza mlingo kapena chifukwa timadontho tasintha. Akaikhomerera, amayesa 0.4, 0.5, 0.6 ndi 0.7 popanda kukhudza china chilichonse. Pulogalamuyi ili ndi chida chotchedwa `X/Y/Z plot` chomwe chimandandalika zotsatirazo mu mzere umodzi. Kenako amayang'ana chinthu chimodzi chomwe sayenera kutaya. Kwa iye ndi nthambi zonenepa za mlambe ndi mbali yomwe bwato laloza. Ngati pa 0.5 zonse zili m'malo mwake koma pa 0.6 mutu wa bwato wayamba kupindika, amayesa 0.55. Akaipeza nambala yomwe ikumukomera, m'pamene amamasula `seed` n'kutulutsa zithunzi zingapo kuti asankhepo.

Mawu nawonso ali ndi ntchito yomwe ambiri amaiiwala. Munthu akangolemba `watercolor painting` osatchula zomwe zili m'chithunzimo, pulogalamu ikakumana ndi chinthu chakuda chachitali chomwe chaphimbidwa ndi timadontho imangoganizira yokha, ndipo mlambe ungatuluke ngati mwala waukulu kapena nyumba. Mawu ayenera kunena zonse ziwiri, kajambulidwe kofunikako ndi zinthu zomwe zilipo kale. Koma asatsutsane ndi chithunzi. Kulemba za mabwato atatu pomwe pali limodzi kumangochititsa kuti miyala ya m'mphepete mwa madzi iyambe kusanduka mabwato opunduka.

Kukula kwa chithunzi kumafunanso kusamala. Stable Diffusion 1.5 inaphunzitsidwa kwambiri pa zithunzi za mapikiselo 512 m'litali ndi m'lifupi, pomwe SDXL ya mu 2023 imagwira bwino pa 1024. Chithunzi cha pafoni chimafunika kuchepetsedwa kuti chiyandikire miyezo imeneyi, koma mosachikoka. Kusankha `Just resize` pamene miyezo ya chithunzi ndi ya chotuluka sizikugwirizana kumafinya bwato kapena kulitalikitsa, ndipo pulogalamu imajambula mokhulupirika bwato lofinyikalo. `Crop and resize` imadula m'mbali koma imasunga maonekedwe enieni a zinthu.

Pali zinthu ziwiri zomwe nambalayi payokha singakwanitse, ndipo ndi bwino kuzidziwa msanga kusiyana n'kutaya madzulo onse munthu akuikweza ndi kuitsitsa.

Choyamba ndi malembo ndi nkhope zazing'ono. Pulogalamuyi sigwira ntchito pa chithunzi chenichenicho. Imayamba yachifinya kasanu ndi katatu mbali iliyonse, moti cha 512 chimasanduka timabokosi 64 m'litali ndi 64 m'lifupi, ndipo pomaliza imachifutukulanso. Dzina lolembedwa pambali pa bwato limatha kukwana m'timabokosi tochepa chabe, choncho limatuluka lopotoka ngakhale pa 0.1. Njira yabwino n'kulisiya, n'kudzalilembanso pamanja pomaliza.

Chachiwiri n'chachikulu, ndipo ndi mitundu. Popeza zigawo zazikulu za mitundu ndi zomwe zimatsala mpaka kumapeto, kusintha masana kukhala usiku, kapena kusandutsa chithunzi chamitundu kukhala chojambula cha pensulo papepala loyera, kumafuna nambala yokwera kwambiri moti malo a zinthu amakhala atatayika kale. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: pa 0.6 thambo likadali lowala ngakhale mawu akunena za usiku, ndipo pa 0.85 usiku wafika koma mlambe wasamuka. Palibe nambala yapakati yomwe ingapereke zonse ziwiri. Njira yotsika mtengo ndi kukonza chithunzicho chisanalowe mu pulogalamu: kuchidetsa, kuchipatsa mtundu wa buluu, kapena kuchichotsa mitundu yonse ndi pulogalamu iliyonse yokonzera zithunzi, ngakhale ya pafoni. Kukonzako sikufuna luso, chifukwa timadontho tidzafafaniza zolakwika zazing'ono.

Njira ina ndi ControlNet, yomwe Lvmin Zhang ndi Maneesh Agrawala a ku Stanford anaitulutsa mu Febuluwale 2023. Imeneyi imatenga mizere ya m'mphepete mwa zinthu kudzera mu `canny`, kapena mapu osonyeza zomwe zili pafupi ndi zomwe zili patali kudzera mu `depth`, n'kuzisunga padera. Malo a zinthu sadaliranso zomwe zapulumuka ku timadontho, choncho mlingo ungakwezedwe mpaka 0.9 kapena 1 mlambe uli chiimire. Pa ntchito ya utoto wamadzi `depth` imakoma kuposa `canny`, chifukwa `canny` imakakamiza pulogalamu kutsatira kamzere kalikonse ka thabwa la bwato, ndipo chojambulacho chimauma.

Tinenepo pang'ono za mwini chithunzi. Pa 0.5 wojambula woyamba angazindikire ntchito yake mosavuta, ndipo munthu yemwe ali pafupi ndi kamera angazindikirike nkhope. Chithunzi choyambira chikhale chako kapena chomwe waloledwa kugwiritsa ntchito, makamaka ngati chikupita pachikuto cha buku logulitsa.

Ngati mlembi wa buku lija atasintha maganizo n'kufuna nyanja ya usiku wa mwezi, wokonza chikuto sayambira pa nambala. Amadetsa kaye chithunzi chake, n'kuika kadontho koyera pomwe akufuna mwezi, kutali ndi malo a dzina la buku. Kenako amawonjezera `at night, moonlight` pa mawu ake, amakhomereranso `seed`, n'kuyesanso kuyambira 0.4 kukwera, popeza chithunzi chodetsedwa chimabisa m'mphepete mwa zinthu ndipo bwato lingathe kutayika pa mlingo wotsika kuposa poyamba. Likatayika asanakhutire ndi utoto, amawonjezera `depth` yotengedwa pa chithunzi choyamba cha masana, chomwe zinthu zonse zimaoneka bwino.