Mawu Oimira Chithunzi: Kulembera Wosaona Popanda Kutaya Wofufuza

Chithunzi chilichonse chimene chili pa webusayiti chimakhala ndi kamalo kobisika kolembapo mawu ochifotokoza. Kamaloko kamatchedwa `alt`, ndipo mawu olembedwamo amalowa m'malo mwa chithunzicho pamene munthu sangathe kuchiona. Munthu woona bwino sawaona mawuwa pokhapokha netiweki ikavuta, chithunzi n'kukana kutseguka. Koma kwa munthu wosaona, amene amagwiritsa ntchito foni kapena kompyuta pomvetsera, mawuwa ndiwo chithunzi chenichenicho. Palinso wina amene amawawerenga, ndiye makina ofufuzira zinthu monga Google. Vuto limayambira pomwepa, chifukwa kamalo kamodzi komweka kakutumikira awiri amene zofuna zawo sizifanana nthawi zonse.

Kamaloka si kachilendo. Kanali kale m'malamulo a HTML 2.0 a mu 1995, nthawi imene intaneti inali yochedwa kwambiri moti anthu ambiri ankazimitsa zithunzi kuti tsamba litseguke msanga. Kenaka bungwe la W3C, limene limakhazikitsa miyezo ya mawebusayiti, linatulutsa malangizo otchedwa WCAG mu 1999, n'kuwakonzanso mu 2008. Mfundo yoyamba m'malangizo a mu 2008, ya nambala 1.1.1, imati chinthu chilichonse chimene si mawu chikhale ndi mawu ogwira ntchito yofanana nacho. Nkhaniyi inafikaponso pamilandu. Mu 2000, Bruce Maguire, bambo wosaona wa ku Australia, anapambana pa dandaulo lake lotsutsa okonza masewera a Olimpiki a ku Sydney, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali zithunzi zopanda mawu oziimira. Ku America, sitolo za Target zinavomera mu 2008 kulipira madola 6 miliyoni pa mlandu wofanana nawo umene bungwe la anthu osaona linawasumira.

Munthu wosaona amadalira pulogalamu yowerenga mokweza zimene zili pasikirini. Pa foni za Android pali TalkBack, pa iPhone pali VoiceOver, ndipo pakompyuta zodziwika ndi JAWS ndi NVDA. Ya NVDA ndi yaulere, ndipo anaipanga ndi anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh. Pulogalamu yotere imayenda ndi tsamba chinthu chimodzichimodzi. Ikafika pachithunzi imanena kuti apa pali chithunzi, kenaka n'kuwerenga zimene zili mu `alt`. Womvetsera sangathamangitse maso n'kulumpha zosafunika ngati mmene amachitira woona. Liwu lililonse limene wolemba anaikamo liyenera kudutsa m'khutu mwake, ndipo limamudyera nthawi. Ngati kamaloko kulibiretu, mapulogalamu ena amawerenga dzina la fayilo, ndiye munthu amangomva zilembo ndi manambala monga `IMG_4037.jpg`, osadziwa ngati chimene chili patsogolo pake ndi nsapato kapena nyumba.

Google nayo imanena poyera kuti imagwiritsa ntchito mawuwa, pamodzi ndi nkhani yozungulira chithunzi ndi njira zake zozindikirira zithunzi, kuti idziwe chimene chajambulidwa. Amalonda atadziwa zimenezi anayamba kuona kamaloka ngati thumba lobisiramo mawu amene anthu amalemba akamafufuza katundu. Poti woona sawaona, ankaganiza kuti palibe amene akuvutika nawo.

Mmene zimasokonekera zimaoneka bwino pa chitsanzo cha mayi wogulitsa zitenje amene watsegula webusayiti. Wajambula chitenje chimodzi chobiriwira, chamaluwa achikasu akuluakulu, chokhala ndi mzere wakuda m'mphepete. Pofuna kuti makasitomala azimupeza, mnyamata amene akumuthandiza walemba motere:

```html
<img src="IMG_4037.jpg" alt="zitenje zitenje zotchipa gulani zitenje Lilongwe zitenje zabwino nsalu chitenje mtengo">
```

Mayi wosaona amene akufuna chitenje chovala ku chinkhoswe amva liwu loti zitenje kanayi, koma atuluka osadziwa mtundu wake kapena maluwa ake. Ngati patsambalo pali zithunzi 20 ndipo zonse zapatsidwa mawu omwewa, iye amva nyimbo imodzimodzi ka 20, ngati wamalonda wapadepoti amene akungokuwa dzina la katundu osalola kufunsidwa. Sangasiyanitse chitenje chachitatu ndi chachisanu, choncho sangagule. Ngakhale kwa Google komwe, kuunjika mawu chonchi n'kuphwanya malamulo ake, ndipo kungachititse kuti webusayitiyo ionedwe ngati yachinyengo n'kutsitsidwa pa mndandanda. Wolembayo waluza mbali zonse.

Ena amapita kumapeto enawo n'kungolemba `alt="chitenje"` kapena `alt="chithunzi"`. Loyambali si bodza, koma silithandiza, chifukwa tsamba lonse ndi la zitenje. Lachiwirili n'lopandiratu ntchito, popeza pulogalamu imakhala itanena kale kuti pali chithunzi. N'chifukwa chakenso sipafunika kuyamba ndi mawu oti "chithunzi cha".

Njira yabwino imayamba ndi funso limodzi: kodi munthu woona akuphunzira chiyani pachithunzichi chimene sichinalembedwe pena paliponse patsambali? Pa chitenje chija, akuona mtundu, maluwa ndi mphepete. Zimenezi ndizo zilembedwe:

```html
<img src="chitenje-chobiriwira-maluwa.jpg" alt="Chitenje chobiriwira chamaluwa achikasu akuluakulu, chamzere wakuda m'mphepete">
```

Mawu ndi asanu ndi atatu okha, koma womvetsera wachiona chitenjecho m'maganizo. Chochititsa chidwi n'chakuti liwu lofufuzira, loti chitenje, lalowamo lokha popanda kulikakamiza, ndipo lili koyambirira, chifukwa ndilo dzina la chinthucho. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Liwu lofufuzira limaloledwa mu `alt` ngati likutchula chinthu chimene chikuonekadi pachithunzi, ndipo limalowa kamodzi kokha. Kutchipa sikuoneka pachithunzi. Lilongwe sakuoneka pachithunzi cha nsalu yoyalidwa patebulo. Mawu amenewa ndi ofunika pamalonda, koma malo ake ndi ena: mutu wa tsamba, ndime yofotokoza katundu, mawu apansi pa chithunzi, ndi pamene palembedwa mtengo. Kumeneko aliyense amawaona, woona ndi wosaona yemwe, ndipo Google imawawerenganso. Dzina la fayilo nalo limathandizako pang'ono, n'chifukwa chake m'chitsanzo chachiwiri lasinthidwa.

Chithunzi chimodzi chingafune mawu osiyana malingana ndi pamene chaikidwa. Chitenje chomwecho chitavalidwa ndi mayi m'nkhani yonena za mwambo wa chinkhoswe, chofunika si maluwa ake, koma zimene zikuchitika: amayi atatu ovala zitenje zofanana akuvina atanyamula mphatso. Munthu wongolemba zimene maso akuona, osaganizira chifukwa chimene chithunzicho chaikidwira, amatha kulemba chiganizo cholondola koma chosagwira ntchito. Mapulogalamu amene amalemba okha mawu a zithunzi amalakwitsa kwambiri pamenepa, chifukwa amazindikira kuti pali munthu ndi nsalu, osadziwa cholinga cha tsambalo.

Zithunzi zina sizifuna kufotokozedwa maonekedwe n'komwe. Ngati kachithunzi ka dengu ndi kamene munthu amadina kuti aone zimene wasankha kugula, mawu oyenera ndi onena ntchito yake, monga `alt="Onani zimene mwasankha"`, osati kufotokoza dengulo. Chizindikiro cha sitolo chimene chimabwezera munthu ku tsamba loyamba chingolembedwa dzina la sitoloyo. Zikatere Google imatenga mawu a mu `alt` ngati mawu a linkiyo, ndiye kulemba zomveka kumapindulira onse. Ngati pachithunzi palembedwa uthenga, monga tsiku lotsitsa mitengo, uthengawo ulembedwe ndendende mu `alt`, apo ayi wosaona adzamva za kutsitsako litadutsa kale.

Palinso zithunzi zongokongoletsa, monga mizere yolekanitsa ndime kapena timaluwa ta m'makona. Izi zimapatsidwa `alt=""`, kutanthauza kamalo kolembedwa koma kopanda kanthu. Pulogalamu yowerenga ikaona zotere imadumpha mwakachetechete. Kusiyana kwa kamalo kopanda kanthu ndi kamalo kosakhalapo n'kwakukulu: koyambako kakunena kuti apa palibe chofunika, pamene kachiwiriko kamasiya pulogalamu ikungoganizira yokha. Pazithunzi zokongoletsazi ndi pamene ofuna kukwera pa Google amayesedwa kwambiri, poona kuti malo angokhala. Kuikapo mawu amalonda pa kamzere kokongoletsa n'kumuimitsa munthu panjira kuti amve zinthu zimene sizikumukhudza, ndipo ndi khalidwe losayenera kulilekerera.

Za kutalika kwake, anthu ambiri amabwereza zoti mawuwa asapitirire zilembo 125. Malamulo a HTML saika malire otere, koma ngati muyezo wongothandiza wolemba, nambalayi si yoipa: chiganizo chimodzi, mwina ziwiri zazifupi, chimakwanira zithunzi zambiri. Chithunzi chodzaza ndi mfundo, monga tchati chosonyeza mmene mitengo yasinthira m'miyezi 12, sichingapanikizidwe mu `alt`. Mmenemo mumangolembedwa mfundo yaikulu ya tchaticho, ndipo manambala onse amaikidwa patsamba penipeni, m'ndime kapena m'tebulo.

Kuyesa ntchitoyi sikufuna ndalama. Mwini webusayiti angayatse TalkBack pafoni yake, kutsegula tsambalo, n'kumakoka chala kupita kumanja kuti amve chinthu chimodzichimodzi osayang'ana sikirini. Pakompyuta ya Windows, NVDA imalumphira pachithunzi chotsatira munthu akadina `G`, moti zithunzi zonse za patsamba zimamveka motsatana m'mphindi zochepa. Zizindikiro za vuto zimamveka msanga: dzina la fayilo likuwerengedwa, mawu amodzimodzi akubwerezedwa pazithunzi zosiyana, chiganizo chimene munthu sangachinene kwa mnzake pakamwa, kapena mawu a mu `alt` ofanana ndendende ndi amene alembedwa pansi pa chithunzi, moti womvetsera akumva chinthu chimodzi kawiri. Zida zoyesera mawebusayiti zimapeza mosavuta chithunzi chopanda `alt`, koma sizingadziwe ngati mawu olembedwawo ndi oona. Mawu ounjikidwa a zitenje aja angadutse mayeso a makina bwinobwino, ndipo amagwidwa ndi munthu womvetsera basi.